Bilu ya kuchipatala iwerengeni kaye musanalipire

Dzinja lino, m'magulu a alimi a tiyi amene ndimayendera kuno ku Mulanje, ndapeza makomo anayi amene sanathire feteleza wachiwiri. Onse nditawafunsa, yankho linali limodzi: ndalama inapita kuchipatala. Izi sizinandidabwitse, poti miyezi imene masamba amachuluka, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndi miyezi yomwenso malungo amagwetsa anthu. Chimene chandipweteka n'chakuti pa makomo anayiwo, ndi khomo limodzi lokha limene linandionetsa pepala losonyeza zimene analipirazo. Atatu enawo anangouzidwa nambala pa windo la kashiya, n'kuwerenga ndalama, n'kumapita.

Inu nomwe amene mumatero, tsiku la sikelo ku shedi mumasuzumira mpaka kalaliki kukwiya. Akadula theka la kilogalamu ponena kuti masamba anyowa, mumakangana naye mpaka dzuwa kupendeka. Pakutha pa mwezi mumawonkhetsa timapepala tanu tonse kuti muone ngati ndalama ikugwirizana. Nanga bwanji munthu yemweyo akafika pa chipatala cholipira amapereka K100,000 osafunsa kuti n'za chiyani? Ena amati, "Alangizi, munthu wachira, tizikalimbananso ndi madokotala?" Ena amati akafunsa adzawazindikira, ndipo tsiku lina akadzabwera ndi mwana sadzawalandira bwino. Maganizo amenewa ndatopa nawo. Amene amalemba bilu si dokotala amene anakuchiritsani. Ndi kalaliki, ngati wa ku shedi uja, ndipo amakopera kuchokera pa mapepala olembedwa ndi anthu angapo, ena masana ena usiku.

Apa ndi pamene chinthu chimodzi chimalowera kawiri. Wodwala akafika amayamba waonedwa kumene amaonera anthu oyendera, pa bilu amalembapo `OPD`. Kumeneko amamutenga magazi, n'kulemba. Akaona kuti wafooka amamugoneka, ndipo ku wodi amatsegula fayilo yatsopano. Namwino wa ku wodi akawerenga zimene dokotala walamula, amalembanso kuyeza magazi komwe kuja pa pepala la ku wodi, osadziwa kuti kwalembedwa kale kunja. Tsiku lotuluka, mapepala awiriwa amakumana pa tebulo la owerengera ndalama, ndipo magazi amene anatengedwa kamodzi amaoneka m'mizere iwiri. Nthawi zina dokotala amalamula kuti munthu ajambulidwe, n'kulembedwa, koma magetsi n'kuzima kapena makina n'kuvuta. Mawa lake alamulanso, ajambuladi, koma mzere wa dzulo uja palibe waufufuta. Kawirikawiri palibe amene wafuna kukuberani. Koma ndalama ikachoka m'thumba mwanu, kaya yachoka mwadala kaya mwangozi, feteleza ndiye simugula.

Bambo wina wa m'gulu lathu, amene ali ndi munda wa tiyi wosakwana ekala, anandiimitsa pa msewu mu Febuluwale atatulutsa pepala m'thumba la malaya.

"Alangizi, taonani apa. Mayi akunyumba anagona masiku atatu okha, koma jakisoni alemba mabotolo 9. Anthu amenewa andidyera."

Mayiwo anagonekedwa Lolemba madzulo ndi malungo aakulu, n'kutuluka Lachinayi m'mawa. Bilu yonse inali K118,500. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ndinawapempha kabuku ka kuchipatala ka mayiwo, n'kuyamba kuyerekeza mzere uliwonse ndi zolembedwa m'kabukumo.

Jakisoni amene ankadandaula nayeyo analibe vuto. Mankhwala a malungo aakulu, amene pa bilu amalembedwa `Artesunate`, amabayidwa katatu poyamba: pofika, pakatha maola 12, ndiponso pakatha maola 24, kenako munthu akatha kumeza amamupatsa mapiritsi a LA a masiku atatu. Kuchuluka kwake amatengera sikelo ya wodwala, mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse kwa munthu wamkulu, ndipo kabotolo kamene kamapezeka kwambiri kamakhala ka mamiligalamu 60. Mayiwo amalemera makilogalamu 62, choncho ulendo uliwonse pankafunika timabotolo titatu. Maulendo atatu, timabotolo 9. Ndinawauza kuti, "Bambo, apa musawanamizire, alemba zoona." Chimodzimodzi mzere wa `Hb` wa Lachitatu: malungo amatha magazi m'thupi, ndiye anayenera kuonanso ngati magazi akutsikirabe asanawatulutse, ndipo zotsatira zake zinalimo m'kabuku, ndi tsiku lake.

Pamene panali vuto ndi pamene iwo sanayang'anepo n'komwe. Pamwamba pa pepala panalembedwa `FBC`, kuyeza magazi otengedwa pamkono, K9,000, tsiku la Lolemba. Kumunsi, pakati pa mizere ya diripi ndi magolovesi, panalinso `FBC` K9,000, Lolemba lomwelo. M'kabuku munali zotsatira za kuyeza kumodzi kokha, ndipo mayiwo ankakumbukira kuti usiku umenewo anawatenga magazi a pamkono kamodzi. Kuyeza malungo kwa pachala kuja, `MRDT`, kunalembedwanso kawiri, K3,000 uliwonse, chonsecho munthu amene wapezeka nawo malungo madzulo samuyezanso ndi kachipangizo komweko usiku womwewo, poti kamapitiriza kuonetsa malungo ngakhale patapita masabata munthu atachira. Ndalama yoonana ndi dokotala, K4,000, inalinso pawiri tsiku limodzi. Tikawonkhetsa, K16,000.

Wina anganene kuti K16,000 pa K118,500 si kanthu. Tamverani mmene inakulira. Bamboyu analibe ndalama yonse, ndiye K60,000 anakatenga ya katapila, yobweza ndi theka pamwamba mwezi ukatha. Ndiye kuti pa K16,000 imene tinkaikayikira ija anabweza K24,000. Ndipo chifukwa anali atalipira kale, nkhani inasanduka yopempha kuti amubwezere, imene ndi yovuta kuposa kufufuta mzere musanapereke ndalama. Lisiti ikadindidwa, ndalama yalowa m'mabuku. Kuti ituluke pafunika fayilo ifunidwe, mkulu wowerengera ndalama asayine, mwinanso wina wa pamwamba pake. Anayenda maulendo atatu, ulendo uliwonse K5,000 ya kabaza kupita ndi kubwera. Anamubwezera K12,000, ya magazi ndi ya kuyeza malungo. Ya dokotala ija anamufotokozera kuti wina anawaona panja, wina anawalandira ku wodi, ndipo chipatalacho chimalipiritsa zonse ziwiri. Anamuonetsa pa ndandanda wa mitengo, nkhani inathera pomwepo. Anapeza K12,000 atawononga K15,000 pa msewu. Masiku atatu amenewo ndi masiku othyola, nyengo imene tiyi safuna kudikira. Masamba anakhwima, ndipo ku shedi anamubwezera ena. Zonsezi zikanatha ndi mphindi makumi awiri pa benchi la pafupi ndi kashiya, Lachinayi m'mawa lija.

Ndikudziwa chimene chimachitika tsiku lotuluka. Mwagona pa khonde masiku atatu, ufa watha, ana mwawasiya kwa agogo, wa kabaza akuliza belu panja. Mtima uli kunyumba. Ndiye kashiya akangotchula nambala, mumaona ngati kufunsa n'kudzichedwetsa. Komanso bilu imalembedwa m'Chingerezi, ndi zilembo zachidule zimene ngakhale wa Fomu 4 sangazimasulire. Koma kuti mupeze chinthu cholembedwa kawiri simufunika kudziwa tanthauzo la zilembozo. Mukungofuna mizere iwiri yofanana zilembo, yofanana mtengo, yofanana tsiku. Mwana wa Sitandade 7 akhoza kuipeza. Chimene chimafunika nzeru ndi kusiyanitsa chobwerezedwa pa pepala ndi chobwerezedwa pa thupi la wodwala, ndipo mboni yake ndi kabuku ndi maso a amene ankadikirira matendawo. N'chifukwa chake zimandinyansa kuona kabuku katakulungidwa pamodzi ndi mapoto, kanyowa, masamba ena ana ang'amba. Kuyeza kulikonse kumene kunachitikadi kumasiya zotsatira, m'kabuku kapena m'fayilo ya ku wodi. Mizere iwiri, zotsatira chimodzi: pamenepo funsani.

Amayi oyembekezera ndi a ana aang'ono, inu muli ndi funso lina loyamba. Zipatala zambiri za mipingo zimene zili pansi pa CHAM zili ndi mgwirizano ndi boma wakuti thandizo lina, makamaka la uchembere, boma ndilo limalipira kwa anthu a m'dera lozungulira chipatalacho. Zimene zili m'mgwirizanowo zimasiyana chipatala ndi chipatala, choncho funsani tsiku lofika kuti chaulere ndi chiti, cholipira ndi chiti. Amene muli pa sikimu ya kuntchito kapena ya MASM musanyozerenso poti "ilipira ndi sikimu". Mzere wobwerezedwa umadya malire a ndalama zanu za chaka, ndipo gawo lina mumawonjezera nokha.

Tsono mukafika pa windo, nenani mwaulemu kuti, "Pepani achimwene, ndikupempha bilu yolemba chinthu chilichonse pachokha, ndi tsiku lake." Musavomere kapepala ka nambala imodzi. Khalani pansi, chongani ndi cholembera mizere yofanana, muyerekeze ndi kabuku. Onani ngati dipoziti imene munapereka pogonekedwa yachotsedwa, ndipo lisiti yake ikhale m'manja. Werengani masiku a bedi, mufunse ngati amawerenga usiku kapena tsiku. Pamene mwachonga, musanene kuti "mwandibera", funsani kuti, "Apa zalembedwa kawiri Lolemba, zinachitika kawiri? Tingaone nawo mu fayilo?" Kashiya akalephera kuyankha, pemphani asisitala a ku wodi kapena mkulu wa ofesi ya ndalama. Akakonza, afufute pa pepala lomwelo, asayine, awonkhetsenso inu mukuona. Ngati munthu woyankha palibe tsiku limenelo, pemphani kulipira zimene mukugwirizana nazo, zotsalazo alembe kuti zikudikira kufufuzidwa. Zikakanika, funsani ngati pa chipatalapo pali ombudsimani wolandira madandaulo, kapena pitani kwa a komiti ya chipatala ya m'dera lanu. Malisiti onse muwasunge m'jumbo momwe mumasunga timapepala ta sikelo.