Kugawa mashifiti a usiku pa wodi popanda wolemedwa

Ngati mwakwezedwa kukhala sisitala pa wodi kuno ku Britain ndipo akupatsani ntchito yolemba rota, ndandanda ya mashifiti, dziwani kuti sabata imodzi payokha siingagawike mofanana. Chilungamo chimaoneka mukawerengera masabata 6 pamodzi, kenako n'kumadula sabata iliyonse kuchokera pamenepo.

Tiyerekeze kuti wodi yanu imafuna anamwino awiri usiku uliwonse. Pa sabata ndiye kuti mashifiti a usiku ndi 14, pa masabata 6 ndi 84. Muli ndi anamwino 10 ogwira maola 37.5 pa sabata, ndi ena anayi ogwira theka la maolawo. Anayiwo awerengeni ngati anthu awiri, onse pamodzi akhale 12. Mukagawa 84 ndi 12, wa maola onse akuyenera kugwira usiku ka 7.

Tsono 7 ameneyu ndi wokoma, chifukwa amaduka bwino pawiri. Chigawo choyamba ndi Lolemba mpaka Lachinayi, mashifiti anayi. Chachiwiri ndi Lachisanu mpaka Lamulungu, atatu. Pa masabata 6 pali zigawo 12 za mtundu uliwonse. Anamwino 10 aja aliyense atenge chimodzi cha mkati mwa sabata ndi chimodzi cha kumapeto, motalikirana, mwina sabata yoyamba ndi yachinayi. Zigawo zinayi zotsala zipite kwa a theka aja, chimodzichimodzi, ndipo rota yotsatira asinthane. Mukatero palibe amene Loweruka usiku limangomugwera yekha, pakuti apa ndi pamene pamayambira manong'onong'o.

Lembani za usiku poyamba, za masana zibwere pambuyo. Ndipo chonde, munthu amene watsika Lachisanu m'mawa musamuwerengere Lachisanulo ngati tsiku lopuma. Wafika kunyumba maso ali psuu, watseka makatani, wagona. Ine ndimamusiyira Loweruka ndi Lamulungu lomwe asanabwerere masana. Lamulo la 1998 la maola ogwirira ntchito limanena kuti pakhale maola 11 opuma pakati pa mashifiti, koma amenewo ndi ochepetsetsa, sakwanira kuti thupi litembenuke.

Onaninso amene mwawaphatikiza. Manambala akhoza kukwana bwinobwino koma mwaika limodzi awiri ongoyamba kumene, popanda woyang'anira wodi ngati wodwala wadwalika pakati pa usiku.

Chimene chimaononga rota yabwino ndi kusinthana kwa pakamwa. Anzathu ofika kumene, amene akufuna ndalama yowonjezera ya usiku yotumiza kumudzi, kapena amene amachita manyazi kukana, amangoti "chabwino asisitala", mwezi ukamatha agwira usiku ka 11. Kusinthana kulikonse kulowe mu rota. Ngati mumalemba mu Excel, dzina mu A, masiku 42 kuyambira B, ndipo shifiti ya usiku mumailemba N, ikani ichi kumapeto kwa mzere:

```
=COUNTIF(B2:AQ2,"N")
```

Wa maola onse akapitirira 8 kapena kutsika pansi pa 6, mufunseni chifukwa chake, ndipo kusiyanako mukubweze mu rota yotsatira.