Poimika galimoto potsetsereka, mateyala aloze kuti?

Handibuleki imatha kutaya mphamvu, makamaka galimoto ikalemedwa, choncho khonde la msewu likhale mwala wanu wotsekera. Galimoto ikayang'ana kumunsi, pindani chiwongolero kuti mateyala akutsogolo aloze kukhonde, muisiye itsetsereke pang'ono mpaka teyala ligunde, kenako ikani livesi. Ikayang'ana kumtunda, mateyala aloze kumsewu. Apa ambiri amasokonezeka, koma taganizani: ikabwerera m'mbuyo, kumbuyo kwa teyala ndiko kudzatsamire khonde. Giya ikhale yoyamba.

Nanga popanda khonde? Mateyala aloze kutchire basi, kaya mwayang'ana kumtunda kaya kumunsi, kuti ikapulumuka ituluke mumsewu.

Ya otomatiki, kokani handibuleki musanaike pa P. Mukasemphanitsa, giya imadzauma pochotsa, n'kulira kuti gu!