Bongololo ndi namkalizi zikalowa m'nyumba mvula ikagwa

Mvula ikanyowetsa nthaka kwambiri, mauna amadzaza madzi, ndiye tizilomboti timathawira m'nyumba kudzera pansi pa chitseko ndi m'ming'alu. Musanachite mantha, yang'anani miyendo.

Bongololo ndi wobulungira, amayenda pang'onopang'ono, ndipo ali ndi miyendo inayi pa mfundo iliyonse. Saluma, amadya masamba owola. Mukamukhudza amadzipinda n'kutulutsa timadzi tonunkha tomwe timadetsa khungu komanso kuwawa m'maso. Ingomusesani ndi tsache, ndipo mwana akamugwira musambitseni m'manja ndi sopo asanadzitikite m'maso.

Wofunika kusamala naye ndi namkalizi. Ndi waphwatalala, wothamanga, ali ndi miyendo iwiri pa mfundo iliyonse, ndipo amaluma ndi timano taululu tapafupi ndi mutu. Polumidwapo pamawawa kwambiri ndi kutupa, koma kawirikawiri pamaphwa pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Tsukani ndi sopo, ikani nsalu yozizira kwa mphindi 10, imwani panado. Chonde musatemepo ndi lezala kapena kumanga chingwe. Ngati wolumidwayo ndi khanda, akubanika, kapena nkhope yatupa, thamangirani kuchipatala.

Kutumulani nsapato ndi zofunda musanagwiritse ntchito, makamaka ngati mumagona pamphasa. Nkhuni ndi zinyalala zikhale kutali ndi khoma.