Momwe mungayezere ngati ana a mu Lilongwe akulankhulabe chiyankhulo cha makolo awo

M'kalembera wa 2018, anthu pafupifupi 19 mwa 100 alionse m'dziko muno anati ndi Alomwe, koma m'kalembera wa 1998, yemwe anafunsa za chiyankhulo chomwe chimalankhulidwa kwambiri pakhomo, amene anatchula Chilomwe sanakwane atatu mwa 100 alionse. Zaka ndi zosiyana, mafunsonso ndi osiyana, komabe mpatawu ukuonetsa kuti mtundu wa munthu sukutiuza chimene akulankhula. Amene akufuna kudziwa ngati chiyankhulo chikutha m'mabanja omwe anasamukira mu Lilongwe ayenera kuyeza yekha, ndipo chomwe ayenera kuyeza ndi chimene chikudutsa kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Pano titsata chitsanzo chimodzi, cha mabanja olankhula Chitumbuka, ngakhale njira yake ikhoza kugwira ntchito pa Chiyao, Chisena kapena Chitonga.

Choyamba, gwirizanani za amene mukumufuna musanagogode pakhomo lililonse. Funso losefera mabanja lisakhale lakuti "Ndinu mtundu wanji?" kapena "Pakhomo pano mumalankhula Chitumbuka?", chifukwa banja lomwe linasiya kale chiyankhulocho lidzayankha kuti ayi n'kugwera kunja kwa kafukufuku, pamene ndilo banja lenileni lomwe mukulifuna. Funsani komwe kholo linabadwira ndi chiyankhulo chomwe ankalilankhulitsa lili mwana. Banja lilowe ngati kholo limodzi, kaya bambo kaya mayi, linakula ndi Chitumbuka kunja kwa Lilongwe, ndipo lili ndi mwana wa zaka 10 mpaka 17 yemwe wakulira mumzindawu. Lembaninso zaka zomwe khololo linali nazo pofika mu Lilongwe. Munthu amene anachoka ku Rumphi ali ndi zaka zinayi ndi wina amene anabwera kudzayamba ntchito ali ndi zaka 25 onse ndi obwera, koma woyambayo wakula ngati mwana wam'tauni, ndipo mukawaika m'gulu limodzi mudzasokoneza mibadwo iwiri.

Pa agogo m'pofunika kusamala. Lilongwe inakhala likulu mu 1975, choncho alipo mabanja omwe mibadwo itatu yonse ili mumzindawu, koma ambiri mwa akuluakulu amabwerera kumudzi akapuma pantchito. Agogo omwe mudzawapeza m'tauni ndi otsalira chabe, ndipo saimira anzawo omwe anabwerera. N'chimodzimodzi ndi ana omwe anatumizidwa kukakhala kwa agogo ku Mzimba: iwo ndiwo angakhale akulankhula bwino Chitumbuka, koma pakhomo simudzawapeza. Choncho kholo litchule ana ake onse ndi komwe akukhala, kuti mudziwe omwe muyeso wanu wawaphonya.

Chachiwiri ndi kusankha mabanja, ndipo apa ndi pomwe kafukufuku wambiri wa ophunzira amagwera m'mbuna. Njira yachidule ndi kupita ku mpingo womwe umapemphera m'Chitumbuka, kapena ku gulu la anthu ochokera boma limodzi omwe amathandizana pa maliro, n'kupempha aliyense kuti akulozereni mnzake. Mabanja 100 mudzawapeza m'sabata imodzi, koma mudzakhala mutasonkhanitsa anthu omwe amakumana chifukwa chakuti asunga chiyankhulocho, ndipo mudzalemba kuti Chitumbuka chili bwinobwino. Banja la ku Chinsapo lomwe bambo ndi wa ku Ekwendeni, mayi ndi wa ku Dedza, ndipo salowa gulu lililonse, palibe amene adzakulozereni.

Njira yoyenera ndi yotopetsa. Pezani mapu a zigawo zing'onozing'ono zomwe ofesi yoona za chiwerengero cha anthu ku Zomba imagwiritsa ntchito pa kalembera, ndipo musankhe zigawo zanu mwa maere, mutagawa kaye mzindawu m'magulu: madera amipanda monga Eriya 47, madera apakatikati monga Eriya 25 ndi Kawale, ndi madera othithikana monga Mtandire ndi Mgona. Kugawaku n'kofunika chifukwa m'madera amipanda chomwe chimalowa m'malo mwa Chitumbuka nthawi zina ndi Chingelezi, osati Chichewa. Mukaonana ndi mfumu kapena wapampando wa dera, yendani nyumba iliyonse m'chigawo chomwe chasankhidwa, kuphatikizapo nyumba za lendi zakuseri ndi za antchito, ndi kufunsa funso losefera lija. Tiyerekeze kuti mwapeza mabanja oyenera 400 koma mukufuna 100: chitani maere pa manambala 1 mpaka 4, ndipo kuyambira pa nambala yomwe yatuluka muzitenga banja lachinayi lililonse. Pakhomo pakakhala ana oyenera angapo, mwana mmodzi asankhidwenso mwa maere, chifukwa mukasiyira kholo lidzakuitanirani amene amalankhula bwino.

Mukapeza chitseko chotseka, musalowe kwa oyandikana nawo kuti nambala ikwane. Bwereraniko kosachepera katatu, kamodzi madzulo ndi kamodzi Loweruka, popeza omwe amapezeka pakhomo masana a Lachiwiri si ofanana ndi omwe ali kuntchito. Lembani okana ndi osapezeka onse. Chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, cha kholo ndi cha mwana mwiniyo chikhalepo musanajambule mawu a aliyense.

Chachitatu ndi mafunso. Funso lakuti "Mumadziwa Chitumbuka?" n'lopanda phindu, chifukwa wongodziwa kuyankha moni ndi wotha kulongosola mlandu pabwalo onse adzati inde. Funsani za munthu ndi nthawi: dzulo madzulo pa chakudya, mayi anakulankhula m'chiyankhulo chanji, ndipo iwe unayankha m'chiyankhulo chanji? Nanga polankhula ndi mng'ono wako? Nanga pa foni ndi agogo? Mbali ziwirizi, kulankhulidwa ndi kuyankha, zilembedwe padera, chifukwa chizindikiro choyamba chakuti chiyankhulo chikuchoka pakhomo n'chakuti kholo limalankhula Chitumbuka, mwana n'kuyankha m'Chichewa, onse n'kumvana popanda wodabwa. Mwa mafunso onsewa ndimaika mtima kwambiri pa la abale okhaokha, popeza chimene ana amalankhulana akulu palibe ndicho chomwe adzalankhule kwa ana awo. Lolaninso yankho lakuti "timasakaniza", koma mufunse chomwe chimachuluka.

Ngakhale mafunso akhale abwino, anthu sanena ndendende zimene amachita, ndipo si chifukwa cha bodza. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, n'kudzabwerera pa wailesi mu 1994, kotero kwa makolo ambiri funso la chiyankhulo ndi funso la ulemu wa kwawo. Bambo sangavomere pamaso pa mlendo kuti ana ake sachidziwa, ndipo adzati "amalankhula ndithu" poganizira tsiku lomwe anapereka moni bwino kumudzi. Mwana naye akhoza kudzichepetsa, mwina chifukwa anzake kusukulu amamuseka, mwina chifukwa kumudzi anamuseka kuti amalankhula mopotoka. Zolakwika ziwirizi zimakokera kosiyana, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti zimafafanizana.

Pochepetsa vutoli, funsani kholo ndi mwana aliyense payekha, mwana ali poonekera koma posamveka. Musayambe ndi mawu akuti mukufufuza za kutha kwa ziyankhulo zathu, chifukwa mukatero mwawauza kale yankho lokondweretsa. Nenani zoona zake mosakometsera, kuti mukufufuza ziyankhulo zomwe mabanja amagwiritsa ntchito. Wofunsanso amasintha mayankho. Amene walowa pakhomo ndi "Muli uli?" adzamva za Chitumbuka chochuluka kuposa amene walowa ndi "Muli bwanji?". Gawani mabanja kwa ofunsa mwa maere, lembani chiyankhulo chomwe kucheza kunachitikira, ndipo pamapeto muyerekeze zotsatira za wofunsa aliyense. Zikasiyana kwambiri pamene mabanja anagawidwa mwa maere, kusiyanako kwachokera kwa ofunsa.

Chachinayi ndi kuyesa mwanayo, mwa masewera osati ngati mayeso a kusukulu. Amve kankhani ka mphindi imodzi kojambulidwa m'Chitumbuka n'kuyankha mafunso asanu m'chiyankhulo chilichonse chomwe akufuna, kenaka apatsidwe zithunzi zinayi kuti afotokoze nkhani yake m'Chitumbuka. Pali msampha umodzi womwe ambiri saulingalira. Chichewa ndi Chitumbuka n'zapachibale, moti mwana wosadziwa Chitumbuka adzamva "maji" ndi "sima" popanda vuto. Mafunso atsamire pa mawu osiyana kwenikweni, monga "ntchewe" yemwe ndi galu, "ntchunga" zomwe ndi nyemba, "namachero" kutanthauza mawa, ndi "kuyowoya" komwe ndi kulankhula. Yesani kaye kankhaniko pa ana khumi ochokera m'mabanja a Chichewa chokhachokha; iwo akakhoza mafunso atatu mwa asanu, kankhaniko kakuyeza Chichewa ndipo kalembedwenso. Zojambulidwa za ana zimvedwe ndi anthu awiri odziwa Chitumbuka, aliyense payekha, osauzidwa zomwe makolo ananena.

Tsopano tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza. Mwa mabanja 100, makolo 65 anati mwana amalankhula, ana 45 anadzinenera okha kuti amalankhula, ana 70 anamva kankhani, koma 30 okha ndiwo anafotokoza zithunzi. Manambala anayiwa asaphatikizidwe kukhala imodzi. Akuonetsa kuti kumva kudakalipo pamene kulankhula kwatsika, ndiponso kuti mawu a makolo anaposa zoyesedwa ndi 35. Kenaka gawani mabanjawo: ngati 60 ali ndi makolo onse awiri a Chitumbuka ndipo ana 24 mwa iwo anakhoza, ndiye kuti ndi 40 mwa 100, pamene m'mabanja 40 osakanikirana ana 6 okhoza ndi 15 mwa 100.

Popeza mwayeza mabanja ochepa chabe, nambala ya 30 ija ili ndi malire a momwe ingaphonyere zoona, omwe amawerengedwa motere, pomwe p ndi gawo la ana okhoza ndipo n ndi chiwerengero cha mabanja:

```
1.96 * sqrt(p * (1 - p) / n)
1.96 * sqrt(0.3 * 0.7 / 100) = 0.09
```

0.09 ndi 9 mwa 100, choncho zoona zikhoza kukhala pakati pa 21 ndi 39. Koma popeza mabanja anatengedwa m'zigawo zochepa, ndipo oyandikana amafanana, malirewa amakula. Ngati kufananako kwachititsa kuti mabanja 100 akhale ndi mphamvu ya mabanja 50 okha, malire amafika pa 13, kutanthauza 17 mpaka 43. N'chifukwa chake zigawo 20 za mabanja asanu zimaposa zigawo zinayi za mabanja 25, ngakhale ndalama za mayendedwe zichuluke. Magulu aang'ono ngati la mabanja 40 lija malire ake ndi otakata kwambiri, kotero musamangepo mfundo zazikulu.

Polemba lipoti, kumbukirani kuti mwayerekeza kholo la zaka 45 ndi mwana wa zaka 14 pa tsiku limodzi. Mwanayo akhoza kudzatola Chitumbuka akakaphunzira ku Mzuzu kapena akadzakwatira kumpoto, ndipo akhozanso kutaya chochepa chomwe ali nacho agogo akamwalira. Njira yosiyanitsira kusintha kwa mibadwo ndi kusintha kobwera ndi msinkhu ndi kubwerera kwa ana omwewo patapita zaka zisanu ndi kankhani kofanana nako. Popeza anthu a lendi amasamuka kawirikawiri, pemphani chilolezo chosunga nambala za foni ziwiri, ya kholo ndi ya m'bale wina, ndipo muzisunge padera ndi mayankho awo.