Musafulumire kunena kuti 70 yaposa 62

Aphunzitsi anzanga, temu ikatha kholo limayang'ana lipoti n'kunena kuti, "Chichewa akukhoza, koma Masamu ndiye amuvuta." Musanavomereze, onani kaye mmene kalasi yonse yakhozera.

Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 3 m'kalasi ya ana 60. Wapeza 70 pa Chichewa ndi 62 pa Masamu. Avereji ya kalasi pa Chichewa ndi 66, pa Masamu ndi 50. Chimene mukufunikanso ndi nambala yosonyeza kumwazikana kwa malikisi, ija timati sitandadi diviyeshoni. Ikakhala yaing'ono, ndiye kuti ana ambiri aunjikana pafupi ndi avereji, ndipo kuwasiya ndi malikisi ochepa chabe n'chinthu chachikulu. Ngati malikisi mwawalemba mu Excel kuyambira B2 mpaka B61, lembani izi:

```
=AVERAGE(B2:B61)
=STDEV.P(B2:B61)
```

Tinene kuti kumwazikana mwapeza 10 pa Chichewa, 8 pa Masamu. Tsopano pa malikisi a mwana chotsani avereji, zotsalazo mugawe ndi kumwazikana kuja. Yankho lake ndiye z, pomwe x ndi malikisi a mwana, μ ndi avereji, σ ndi kumwazikana:

```
z = (x − μ) / σ
(70 − 66) / 10 = 0.4
(62 − 50) / 8 = 1.5
```

Mwaona? Pa Chichewa wangodutsa pang'ono mwana wapakatikati, pomwe pa Masamu wawasiya kutali anzake. Z ikatuluka ndi mainasi, mwanayo ali pansi pa avereji.

Koma kholo mukaliuza kuti 1.5 silimvapo kanthu. Apa ndi pomwe pesentailo imathandiza, chifukwa imanena kuti pa ana 100 aliwonse mwanayu waposa angati. Werengani ana amene apeza zochepera iye, onjezerani theka la amene apeza malikisi amenewo (iyeyonso mumuwerengere), gawani ndi ana onse, n'kuchulukitsa ndi 100. Ngati pa Masamu 54 ali pansi pake ndipo awiri apeza 62, mutenga 55 kugawa ndi 60, ipereka pafupifupi 92. Pa Chichewa, 38 ali pansi, anayi apeza 70, ndiye 40 kugawa ndi 60, pafupifupi 67. Ine ndimakonda kuwerenga chotere kusiyana ndi kudalira tebulo la z, lija losinthira z kukhala pesentailo, popeza tebulolo limayenda bwino pokhapokha ambiri ali pakati, ochepa kumapeto konse kuwiri, ndipo mayeso ovuta kwambiri sagwa choncho.

Chimene chimasokoneza kawirikawiri ndi mwana amene sanalembe koma tamuikira 0. Ziro ameneyo amatsitsa avereji n'kukuza kumwazikana, z wa aliyense n'kulakwika. Siyani malowo opanda kanthu, Excel idzawadumpha yokha. Samalaninso ngati phunziro lina ndi losankha, lotengedwa ndi ana 15 akhama okhaokha, chifukwa pamenepo mwana mukumuyeza ndi gulu lina. Zikatero, powerengera maphunziro onse awiriwo tengani ana okhawo amene alemba onse.