Mwaitanidwa kukalimbikitsa kalabu ya makatuni? Nayi njira yokonzera mawu anu

Aphunzitsi ena a pa sekondale ina ya ku Ndirande anandiimbira foni kuti ndikalankhule ndi ana awo a kalabu ya makatuni. Ana asanu ndi anayi, foni imodzi yobwereka kwa aphunzitsiwo, ndipo filimu imene anayamba teremu yoyamba inali itaima. "Mudzangowapatsa mphamvu basi," anatero. Ine ndinaona kuti mphamvu anali nazo kale. Chimene chinkasowa ndi masamu, ndipo mawu anga onse ndinawamanga pamenepo. Inunso mukaitanidwa, yesani kutsata njira iyi.

Choyamba, musalembe kalikonse musanafunse mafunso atatu kwa mphunzitsi woyang'anira kalabuyo: filimu akufuna ikhale yotalika bwanji, amakumana kangati pa sabata, ndipo akakumana kamodzi amajambula zithunzi zingati. A ku Ndirande anandiyankha kuti mphindi 10, Lachitatu lokha akaweruka, ndipo zithunzi zimakwana pafupifupi 60 tsiku likayenda bwino. Pemphaninso kuti akutumizireni kachidutswa kamene anajambula kale, ngakhale ka masekondi atatu. Mukakaonera mudziwa matenda ake musanafike.

Tsiku lolankhula, mukapereka moni musachedwe ndi mbiri yanu. Tengani choko mupite pa bolodi. Filimu ya ku sinema imayenda zithunzi 24 pa sekondi imodzi, koma makatuni ambiri ojambulidwa chithunzi chimodzichimodzi amakwanira ndi 12, ndipo maso amaona zinthu zikuyenda bwinobwino. Lembani 12, muwafunse anawo kuti pa mphindi imodzi zikhala zingati. Asiyeni awerenge okha mpaka wina afuule kuti 720. Kenako mphindi 10: zithunzi 7,200. Gawani ndi 60, mupeza kuti akuyenera kukumana ka 120. Kamodzi pa sabata, kuchotsapo tchuthi ndi masabata a mayeso, ndi zaka zoposa zitatu.

Apa khalani chete pang'ono. Ku Ndirande kuja mtsikana wina wa Fomu 3 anaseka yekha n'kunena kuti, "Ndiye kuti a sala, tidzamaliza titalemba kale MSCE." Kalasi yonse inaphulika nako kuseka, ndipo ntchito yanga inapepuka, chifukwa iwo eni anali ataona kuti chowaimitsa si kusowa kwa laputopu ayi. Anasenza mtolo woposa msinkhu wawo.

Ndiye muwapatse nambala ina. Masekondi 40 ndi zithunzi 480, kutanthauza Lachitatu kasanu ndi katatu. Imeneyo imalowa m'teremu imodzi. Ena akhumudwa, chifukwa nkhani yawo yaitali ija amaikonda. Musawatsutse. Auzeni kuti aisunge m'kope, koma lero asankhemo chochitika chimodzi chokha, chokhala ndi munthu m'modzi kapena awiri, pamalo amodzi. Anzathu aja nkhani yawo inali ya mnyamata wochoka kumudzi kubwera m'tauni, ndipo anasankhamo kachigawo kamene mnyamatayo akuthamangira minibasi ya ku Limbe nkhuku ili m'khwapa, nkhukuyo n'kumupulumuka. Kali ndi poyambira, pakati ndi pothera. N'kokwanira.

Mukatha masamu, bwerani pa nkhani ya zipangizo, ndipo apa musalankhule chimanjamanja. Kunena kuti "zipangizo si kanthu" kwa ana amene ali ndi foni imodzi yosweka galasi ndi kuwanyoza, ndipo iwo amadziwa. Bwerani ndi katoni, chitenje chakuda, selotepi ndi tochi kapena nyale ya sola. Onetsani kachidutswa kawo kaja, muwafunse chimene chikuwanyansa. Kawirikawiri ndi zinthu ziwiri. Chithunzi chimagwedera ngati kukuchita chivomerezi, ndiponso kuwala kumathwanimathwanima, kwina kowala kwina kwa mdima. Kugwedera kumabwera chifukwa foni ili m'manja mwa munthu, kapena imasuntha akamaidina. Kuthwanima ndi dzuwa la pawindo: mitambo ikudutsa, tsiku likupita, ndipo foni ikusintha yokha kuwala pa chithunzi chilichonse.

Konzani zonsezi iwo akuona. Dulani mbali imodzi ya katoni kuti manja azilowa, boolani kabowo pamwamba, gonekani foni kamera italoza pansi, muimate ndi selotepi. Katoniyonso muimatire kudesiki. Tchingani windo ndi chitenje, yatsani nyale ija muiike pamalo amodzi, ndipo jambulani mzere ndi choko pomwe yakhala kuti sabata yamawa idzabwerere pomwepo. Pa foni dinani pa chithunzi osachotsa chala mpaka foni isiye kusintha kuwala yokha. Mafoni ena amaonetsa kaloko, ena amalemba AE/AF LOCK. Ngati pali mahedifoni a chingwe, batani lokwezera mawu limajambula pa mafoni ambiri, ndiye foniyo simuikhudzanso. Pulogalamu ya Stop Motion Studio ili ndi mtundu waulere, ndipo imatha kuonetsa chithunzi chapitacho mwa chizimezime pamwamba pa chatsopano, kuti mudziwe pomwe munasiyira.

Tsopano itanani mwana amene wakhala phee kumbuyo. Mupatseni kankhuku kodula papepala, azikasuntha pang'onopang'ono, osapitirira m'lifupi mwa chala chaching'ono, mnzake azijambula. Zithunzi 24 zokha, masekondi awiri. Zimatenga mphindi zosakwana 10. Mukaziseweretsa, kankhuku kaja n'kuyenda osagwedera, mawu amene mukanalankhula kwa theka la ola akhala atalankhulidwa kale.

Chitsanzo cha munthu wotchuka chikhale chimodzi, ndipo chibwere pano, osati poyamba. Ambiri amathamangira nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu ndi makina ake a mphepo. Ndi nkhani yabwino, koma anawa aimva kambirimbiri, ndipo si ya makatuni. Ine ndimakonda ya Lotte Reiniger wa ku Jeremani, amene mu 1926 anatulutsa filimu yaitali ya makatuni yopangidwa ndi zithunzi zodula ndi sizasi, zogonekedwa pagalasi lowala kunsi, kamera ili pamwamba. Pa mafilimu aatali a makatuni amene alipobe lero, imeneyo ndiye yakale kwambiri. Lozani katoni yanu ija muwauze kuti njira yake ndi yomweyi. Onjezeraninso chilungamo chake: inamutengera zaka pafupifupi zitatu, ndipo anali atayamba ndi timafilimu tatifupi.

Pomaliza musatseke ndi mwambi. Bwererani pa bolodi, lembani Lachitatu asanu ndi atatu aja ndi madeti ake, muwonjezere awiri oikira mawu ndi okonzera pomwe palakwika. Aliyense atchule ntchito yake mokweza, dzina lilembedwe: wodula mapepala, wosuntha, wojambula, wowerenga zithunzi m'kope. Pakhalenso woonetsetsa kuti foni ndi nyale zatchajidwa Lachiwiri usiku, poti magetsi sapangana ndi munthu, ndi wina wotumiza zithunzi za tsikulo ku foni yachiwiri asanabalalike. Udindo umenewu musaudumphe. Ine ndinatayapo ntchito ya masabata atatu mbale wanga atafufuta zithunzi kuti apeze malo oika nyimbo.

Kenako tembenukirani kwa aphunzitsi, anawo akumva, muwapemphe kuti akagwirizane ndi a hedi tsiku loonetsa filimuyo pa asembule, ndipo tsikulo lilembedwe pa bolodi lomwelo musanatuluke. Katoni, chitenje ndi selotepi muwasiyire. Tochi yokha ndi imene ine ndinabwerera nayo, poti inali ya mayi a kunyumba.