Mukatumiziridwa chithunzi cha notsi za pensulo zosaoneka bwino

Pensulo imanyezimira ikawombedwa ndi kuwala, nchifukwa chake tsamba la kope lojambulidwa ndi fulashi limatuluka loyera mbee, zilembo zitazimirira. Ngati kope likadalipo, pemphani amene wakutumizirani alijambulenso pafupi ndi zenera, fulashi atazimitsa, foni italunjika pamwamba pa tsambalo. Aikenso pepala lakuda kunsi kwa tsambalo kuti zolemba za kuseri zisaonekere. Pa WhatsApp atumize ngati Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa ndipo timizere topyapyala timatayika.

Ngati chithunzi ndi chomwecho basi, chichotseni mtundu chikhale chakuda ndi choyera, muchepetse kuwala, kenako muzikweza contrast pang'onopang'ono. Mukaona mizere ya kope yayamba kuda kuposa zilembo, mwapyola malire, bwererani.

Poti pavute ndi pa mawu okayikitsa. Tinene kuti mwana walemba "Amayi anapita kukagula" ndipo mawu otsatira akuoneka ngati "mbewu" kapena "mbewa". Onse awiri akumveka bwino m'chiganizocho, ndiye tanthauzo silikuthandizani. Yang'anani mmene mwanayo walembera a mu "anapita" ndi u mu "kukagula". Ngati amatseka a wake pamwamba nthawi zonse, ndipo chilembo chokayikitsacho nchotseguka, ndi "mbewu". Koma ngati a wake nthawi zina amamusiya wotseguka, musasankhe. Lembani mbew[?] ndipo mufunse mwini kope. Ine ndimaumirira zimenezi makamaka pa manambala ngati 1 ndi 7, poti kungoganizira kungalakwitse mwana samu imene anakhoza.